Kukonzekera kulankhula kwa mphindi 10 pa kalabu ya masamu: momwe alijebura ya matirikisi imayendetsera makina ofufuzira ndi sayansi ya deta

Munthu amene wapatsidwa mphindi 10 kuti alankhule pa kalabu ya masamu ya pasukulu za alijebura ya mavekitala ndi matirikisi, imene ambiri amaitcha alijebura ya liniya, ayenera kusankha chinthu chimodzi chimene omvera atuluke nacho. Ine ndikulangiza kuti chinthucho chikhale ichi: kuchulukitsa matirikisi ndi vekitala, kumene ophunzira amachita m'kope, ndi ntchito yomweyo imene makompyuta amachita mobwerezabwereza posanja masamba a pa intaneti komanso pounika deta. Mfundoyi imakhazikika m'mutu mwa womvera ngati iye mwini wawerengera nawo manambala, choncho kukonzekera kwanu konse kuyenera kuzungulira pa chitsanzo chimodzi chaching'ono chimene mungachilembe pa bolodi n'kuchimaliza anthu akuona.

Poyamba gawani nthawi yanu musanalembe liwu lililonse. Mphindi imodzi ikhale yofunsa funso, mphindi zisanu zikhale za chitsanzo cha masamba atatu, mphindi imodzi ikhale yofotokoza pamene njirayi imalephera, ndipo mphindi zitatu zotsalazo zikhale za deta. Kugawa kotere kukuoneka ngati kukondera chitsanzo chimodzi, ndipo n'zoonadi, chifukwa wolankhula amene amatchula mitu isanu ndi umodzi m'mphindi 10 amasiya omvera ndi mayina okhaokha a zinthu zimene sanazione zikugwira ntchito.

Funso loyambira likhale lachindunji. Mungathe kunena kuti: "Anzanga, mukalemba liwu limodzi m'makina ofufuzira, masamba okhala ndi liwu limenelo amakhala ochuluka zedi. Kodi makinawo amadziwa bwanji tsamba loti aliike pamwamba?" Dikirani mayankho awiri kapena atatu. Nthawi zambiri wina amayankha kuti tsamba limene latchula liwulo kambirimbiri ndilo liyenera kutsogola, ndipo inu muyankhe kuti mwini tsamba angathe kulemba liwulo kokwana 1,000 kuti apusitse makinawo. Wina amanena kuti tiwerenge malinki olowa pa tsambalo kuchokera ku masamba ena. Yankho lachiwirili ndi limene mukulifuna, chifukwa lili pafupi ndi zoona koma likusowa kanthu kamodzi: linki yochokera pa tsamba lodalirika iyenera kulemera kuposa linki yochokera pa tsamba limene palibe amene amalilabadira. Apa ndi pamene mungatchule mbiri mwachidule, kuti Larry Page ndi Sergey Brin, ali ophunzira pa yunivesite ya Stanford, anafotokoza njira yotchedwa PageRank m'chaka cha 1998, chaka chomwenso kampani ya Google inakhazikitsidwa. Lingaliro lawo linali lakuti kufunika kwa tsamba kumachokera pa kufunika kwa masamba amene akulilozera. Womvera watcheru adzaona kuti tanthauzoli likudzizungulira lokha, popeza kuti tidziwe kufunika kwa tsamba limodzi tiyenera kudziwa kale kufunika kwa ena. Musabise vuto limeneli. Litchuleni inu eni, chifukwa ndilo limene alijebura ikubwera kudzathetsa.

Kenako jambulani intaneti ya masamba atatu, A, B ndi C, ngati timabwalo titatu tolumikizidwa ndi mivi. Tsamba A lili ndi malinki awiri, opita ku B ndi ku C. Tsamba B lilinso ndi awiri, opita ku A ndi ku C. Tsamba C lili ndi linki imodzi yokha, yopita ku A. Auzeni omvera kuti awerenge mivi yolowa pa tsamba lililonse, ndipo adzapeza kuti A ali ndi iwiri, C ali ndi iwiri, pamene B ali ndi umodzi. Kuwerenga malinki kokha kukuti A ndi C ndi ofanana. Afunseni ngati akuvomereza, ndipo musawauze yankho.

Tsopano ikani anthu 144 pa intaneti imeneyi, anthu 48 pa tsamba lililonse. Nambala ya 144 sindinaisankhe mwachisawawa. Imagawika bwino ndi 2 kangapo komanso ndi 3 ndi 9, motero muwerengera maulendo anayi osakumana ndi theka la munthu, ndipo yankho lomaliza lituluka lathunthu. Lamulo la masewerawa ndi lakuti belu likalira, aliyense amadina linki imodzi pa tsamba limene ali, ndipo anthu a pa tsamba limodzi amagawikana mofanana pa malinki ake. Anthu a pa A amagawikana pakati, theka kupita ku B ndi theka kupita ku C. Anthu a pa B amachitanso chimodzimodzi pakati pa A ndi C. Anthu onse a pa C amapita ku A, popeza alibe kwina kolowera. Lembani malamulo atatu awa pa bolodi:

```
a' = b/2 + c
b' = a/2
c' = a/2 + b/2
```

Werengerani ulendo woyamba pang'onopang'ono, mokweza mawu. Tsamba A lilandira anthu 24 ochokera ku B ndi 48 ochokera ku C, onse pamodzi 72. Tsamba B lilandira 24 okha ochokera ku A. Tsamba C lilandira 24 ochokera ku A ndi 24 ochokera ku B, onse pamodzi 48. Musanapitirire, phatikizani 72, 24 ndi 48 pamaso pa onse kuti aone kuti anthu akadali 144, ndipo muwauze kuti imeneyi ndiyo njira yodziwira ngati mwalakwitsa: chiwerengero chonse chikasintha, ndiye kuti pena pake paphonyeka. Ulendo wachiwiri ndi wachitatu muwapatse omvera kuti awerengere okha, ndipo inu muzingolemba zimene akunena.

```
ulendo    A    B    C
0        48   48   48
1        72   24   48
2        60   36   48
3        66   30   48
4        63   33   48
```

Pano m'pofunika kuima pang'ono, chifukwa apa ndi pamtima pa nkhani yonse. Afunseni kuti manambala a tsamba A akulowera kuti. Akuyenda 72, 60, 66, 63, akudumpha uku ndi uku koma kudumphako kukucheperachepera, ndipo wophunzira mmodzi kapena awiri adzaona kuti akuyandikira 64. Kusiyana kwake ndi 64 kunali 8, kenako 4, kenako 2, kenako 1, kutanthauza kuti kukuchepa ndi theka pa ulendo uliwonse. Tsamba B likuyandikira 32. Tsamba C lakhala pa 48 kuyambira pachiyambi, ndipo ena adzaganiza kuti mwalakwitsa, choncho fotokozani chifukwa chake: C nthawi zonse amalandira theka la anthu a pa A ndi B pamodzi, ndipo anthu amenewo akakhala 96, theka lake ndi 48. Zimenezi zangochitika chifukwa C anayambira pa nambala yake yomaliza, ndipo mukadayamba ndi anthu onse 144 pa tsamba B, C akadasinthasintha asanakhazikike pa 48 yomweyo.

Ikani 64, 32 ndi 48 m'malamulo aja kuti mutsimikize. Tsamba A lilandira 16 kuphatikiza 48, zomwe ndi 64. Tsamba B lilandira theka la 64, lomwe ndi 32. Tsamba C lilandira 32 kuphatikiza 16, zomwe ndi 48. Anthu akupitiriza kuyenda, koma chiwerengero cha pa tsamba lililonse sichikusinthanso. Dongosolo la masamba lapezeka: A ndi woyamba, C wachiwiri, B wachitatu. Bwererani ku funso munalisiya lija ndipo musonyeze chifukwa chake A waposa C ngakhale onse ali ndi malinki awiri olowa: C amapereka anthu ake onse kwa A, pamene A amapereka theka lokha la anthu ake kwa C.

Mawu akuti matirikisi muwatchule pokhapokha mwafika apa, osati kale. Omvera akhala akuchulukitsa matirikisi ndi vekitala kwa mphindi zingapo osadziwa, ndipo tsopano mungowasonyeza kalembedwe kake kachidule. Tengani manambala a m'malamulo atatu aja muwaike m'bokosi:

```
      | 0    1/2  1 |
M  =  | 1/2  0    0 |
      | 1/2  1/2  0 |
```

Mzere uliwonse wotsika ukunena kumene anthu a pa tsamba limodzi amapita, n'chifukwa chake manambala ake akaphatikizidwa amakwana 1. Mzere uliwonse wopingasa ukunena kumene tsamba limodzi limalandira anthu ake. Ambiri pokonzekera amasokoneza mizere iwiriyi n'kulemba matirikisi chotembenuza, ndipo chizindikiro chake n'chosavuta kuona: ndi matirikisi yotembenuzidwayo, manambala 48, 48, 48 amatulukanso 48, 48, 48 pa ulendo woyamba, ngati kuti masamba onse ndi ofanana. Mukaona zimenezi poyeserera kunyumba, yang'anani ngati mizere yotsika ndiyo ikukwana 1. Mndandanda wa manambala atatu a anthu ndiwo vekitala, tiutche `x`, ndipo kulira kumodzi kwa belu ndiko `Mx`. Yankho lomaliza ndi vekitala imene imakwaniritsa `Mx = x`, kutanthauza kuti matirikisi ikaichulukitsa siisintha. Akatswiri amaitcha aigenivekitala ya aigenivaliyu 1. Tchulani dzinali kamodzi, mulilembe pa bolodi, ndipo musataye nthawi polifotokoza mopitirira, popeza omvera aona kale chimene likutanthauza.

Wophunzira wodziwa masamu adzafunsa chifukwa chake sitinangothetsa maikwezhoni atatuwo mwachindunji m'malo mobwereza kuchulukitsa. Funsoli ndi labwino kwambiri ndipo muyenera kukhala ndi yankho lake. Pa masamba atatu kuthetsa mwachindunji n'kosavuta: kuchokera pa `b = a/2` timapeza `c = 3a/4`, ndipo onse akakwana 144, `a` ndi 64. Koma ntchito ya njira yochotsa zosadziwika chimodzichimodzi imakula molingana ndi chiwerengero cha masamba chitachulukitsidwa chokha katatu, kotero masamba akachuluka ka 1,000, ntchito imachuluka ka 1,000,000,000. Intaneti ili ndi masamba mabiliyoni. Chimene chimapulumutsa ndi chakuti tsamba lililonse lili ndi malinki ochepa poyerekeza ndi masamba onse, motero pafupifupi malo onse m'matirikisi muli ziro. Kompyuta siisunga maziro amenewo, imangosunga malinki amene alipodi, ndipo ulendo umodzi wa kuchulukitsa umafuna ntchito yolingana ndi chiwerengero cha malinkiwo basi.

Mphindi imodzi ya zolephera musaidumphe, chifukwa ndi imene imasonyeza kuti masamuwa ali ndi malire odziwika. Fufutani muvi wochokera ku C kupita ku A, kuti C akhale tsamba lopanda linki yotuluka. Mukawerengera ulendo woyamba kuchokera pa 48, 48, 48 mupeza 24, 24, 48, onse pamodzi 96, ndipo anthu 48 asowa. Mukapitiriza, onse atha. Vuto lachiwiri ndi la masamba awiri olozerana okhaokha: mukaika anthu 100 pa lina ndi 44 pa linalo, amangosinthana malo mpaka kalekale osakhazikika, ndipo masamba otere akakhala m'kati mwa intaneti yaikulu amameza aliyense wolowamo osamutulutsanso. Pa tsamba lopanda malinki, kawirikawiri amalitenga ngati likulozera masamba onse mofanana. Pa vuto lachiwirilo, Page ndi Brin anawonjezera lamulo lakuti pa ulendo uliwonse gawo la 0.85 la anthu limatsata malinki, pamene gawo la 0.15 limadumphira pa tsamba lililonse mwachisawawa. Pa chitsanzo chathu choyamba, tsamba lililonse limalandira 7.2 kuchokera kwa odumphawo, ndipo ulendo woyamba umapereka 68.4, 27.6 ndi 48. Manambala omaliza amakhala pafupifupi 62.3, 33.7 ndi 48, motero dongosolo la masamba silinasinthe. Ndi lamuloli, matirikisi yonse imakhala ndi manambala oposa ziro, ndipo mfundo imene Oskar Perron anatsimikiza m'chaka cha 1907, imene Georg Frobenius anaikulitsa mu 1912, imatitsimikizira kuti yankho lokhazikika lilipo, ndi limodzi lokha, ndipo timalifika posatengera pamene tayambira. Kusiyana kwa manambala athu ndi yankho lomaliza kumatsika kufika pa gawo la 0.85 la mmene kunalili, kapena kuchepera apo, pa ulendo uliwonse, ndipo 0.85 ikachulukitsidwa yokha ka 50 imatsika kufika pafupifupi 0.0003. Ine ndimakondwera kwambiri ndi mfundo yakuti masamu amenewa analembedwa zaka pafupifupi 90 Google isanakhaleko, ndipo ndikuona kuti omvera ayenera kuimva.

Kuwolokera ku sayansi ya deta kuyenera kuchitika kudzera pa ntchito imene omvera angoichita kumene, osati pa mutu watsopano. Awonetseni kuti pofuna kupeza 72 uja anachulukitsa manambala awiriawiri n'kuphatikiza zotsatira zake, ndipo ntchito yomweyo ndiyo imayeza kufanana kwa zinthu ziwiri zilizonse zimene zalembedwa ngati mndandanda wa manambala. PageRank imanena kuti tsamba ndi lodalirika motani, koma siinena ngati likuyankha funso la wofufuzayo. Pa mbali imeneyi, Gerard Salton ndi anzake pa yunivesite ya Cornell anafotokoza m'chaka cha 1975 njira yotenga chikalata chilichonse ngati vekitala ya mawu ake. Tengani mawu atatu okha, dzuwa, mwezi ndi nyenyezi. Chikalata choyamba chawatchula ka 1, ka 2 ndi ka 2, motero vekitala yake ndi `(1, 2, 2)`. Chachiwiri n'chachitali, chawatchula ka 12, ka 3 ndi ka 4, ndiye `(12, 3, 4)`. Munthu wafufuza mawu akuti mwezi ndi nyenyezi, ndipo funso lake ndi `(0, 1, 1)`. Kuchulukitsa ndi kuphatikiza kumapereka 4 pa chikalata choyamba ndi 7 pa chachiwiri, zomwe zikuoneka ngati chachiwiri chapambana. Komatu chapambana chifukwa cha kutalika kwake kokha, pakuti nkhani yake yeniyeni ndi ya dzuwa. Kuti tikonze, timagawa ndi utali wa mavekitalawo, umene umapezeka ndi lamulo la Pythagoras limene omvera akulidziwa kale: utali wa choyamba ndi 3, wa chachiwiri ndi 13, wa funso ndi pafupifupi 1.41. Zotsatira zake ndi pafupifupi 0.94 pa chikalata choyamba ndi 0.38 pa chachiwiri. Nambala imeneyi ndi kosaini ya ngodya ya pakati pa mavekitala awiriwo, ndipo ikayandikira 1 ndiye kuti akuloza mbali imodzi. Manambala a utali muwawerengeretu kunyumba n'kuwalemba pa kapepala, chifukwa nthawi yowafufuza pa bolodi simudzakhala nayo.

Kuchokera apa chiganizo chimodzi n'chokwanira kutsegula sayansi yonse ya deta: tebulo lililonse la deta ndi matirikisi, mzere wopingasa uliwonse ndi chinthu chimodzi choyezedwa, ndipo mzere wotsika uliwonse ndi muyeso umodzi. Ngati nthawi ikulolani, onjezani chitsanzo chimodzi cha kulosera. Tili ndi madontho atatu, `(1, 2)`, `(2, 3)` ndi `(3, 5)`, ndipo palibe mzere wowongoka umene ungadutse pa onse atatu. Tikufuna mzere `y = mx + k` umene zolakwika zake, chilichonse chitachulukitsidwa chokha n'kuphatikizidwa, zikhala zochepetsetsa. Njirayi anaisindikiza koyamba Adrien-Marie Legendre m'chaka cha 1805, ndipo Carl Friedrich Gauss anaisindikizanso mu 1809. Ikalembedwa m'matirikisi imasanduka maikwezhoni awiri okha, `3k + 6m = 10` ndi `6k + 14m = 23`, amene wophunzira aliyense wa m'kalabuyo angathetse. Kuchulukitsa yoyamba ndi 2 n'kuichotsa pa yachiwiri kumasiya `2m = 3`, motero `m` ndi 1.5 ndipo `k` ndi 1/3. Deta ikakhala ya anthu miliyoni ndi miyeso 100, maikwezhoni amakhala pafupifupi 100, koma kachitidwe kake n'komweko. Nthawi ikachepa, chitsanzo ichi ndicho choyamba kuchisiya, osati cha masamba atatu chija.

Pali zinthu ziwiri zimene muyenera kusamala kuti musanene mopyola. Musanene kuti PageRank yokha ndiyo imasanja zotsatira za Google lero, chifukwa makina ofufuzira a masiku ano amaphatikiza zizindikiro zambiri, kuphatikizapo mitundu ya mapulogalamu ophunzira kuchokera ku deta, ngakhale kuti nayonso m'kati mwake imadalira kwambiri kuchulukitsa matirikisi. Musanenenso kuti tsamba lokhala pamwamba ndilo lonena zoona, pakuti masamuwa amayeza mmene malinki ayendera, ndipo anthu angathe kupanga masamba ambiri abodza olozera tsamba limodzi kuti alikweze. Chimodzimodzinso mzere wa Legendre uja umasonyeza kuti miyeso iwiri ikukwera limodzi, koma sutsimikiza kuti wina ndiwo ukuchititsa mnzake.

Chomaliza ndi kuyeserera. Imani pa bolodi kapena pa pepala lalikulu, yatsani wotchi, ndipo mulembe zonse monga mudzachitire pa tsikulo, chifukwa kulemba kumadya nthawi kuposa mmene munthu amaganizira akamangowerenga zimene wakonza. Timabwalo titatu ndi mivi yake isanu mungazijambuliretu omvera asanalowe, koma tebulo la maulendo mulisiye lopanda kanthu kuti lidzadzazidwe ndi mayankho awo. Mukapeza kuti chitsanzo cha masamba chakutengerani mphindi zoposa zisanu ndi imodzi, lekezani pa ulendo wachitatu, popeza 72, 60 ndi 66 n'zokwanira kuti munthu aone kumene manambala akulowera. Konzeraninso ntchito imodzi yoti a m'kalabu akayese okha pambuyo pake: awonjezere linki yochokera ku C kupita ku B, alembe matirikisi yatsopano, ndipo aone chimene chichitike. Yankho lake mukhale nalo m'manja, lomwe ndi lakuti tsamba lililonse tsopano likulozera ena awiriwo mofanana, ndipo onse atatu akhazikika pa 48.